Mayi Sizasi ndi Bajeti Yosasuntha

Pafakitale ina yosoka mayunifolomu a ana a sukulu pali mayi wodula nsalu amene aliyense amangowatchula kuti Mayi Sizasi. Dzina lawo lenileni amalidziwa a ku ofesi okha, nawonso amayamba asuzumira kaye mufailo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, choko kuseri kwa khutu, tepi yoyezera ili lende m'khosi. Ukawabwereka ambulera mvula ikugwa akupatsa, iwo n'kunyowa. Koma ukangotola sizasi yawo yakuda ija kuti udulire pepala, tsiku limenelo udziwa kuti mayiwa pakamwa ali napo.

Analowa pafakitalepo ali mtsikana, ntchito yawo ili yodula timaulusi totsalira pamalaya osokedwa kale. Mdala amene ankadula nsalu masiku amenewo anaona kuti mtsikanayu maso sakhala pa ulusi, amakhala pathebulo lodulira. Tsiku lina anangowaponyera choko n'kuti, "Poti maso ako amandilondalonda, tabwera undionetse." Kuchokera pamenepo padutsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo thebulolo ndi lawo.

Ntchito ya wodula anthu amaiona ngati yophweka chifukwa sanaigwirepo. Umayala nsalu pathebulo lalitali, ina pamwamba pa inzake mpaka makumi anayi, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Pamwamba umasanja mapateni mothithikana kuti nsalu isaonongeke, n'kulemba ndi choko, n'kudula zonse pakamodzi ndi makina a mpeni wautali. Ukalakwitsa, walakwitsa malaya makumi anayi. Ukamaliza umamanga mitolo, manja paokha, makolala paokha, matumba paokha, saizi iliyonse ndi kapepala kake, ndipo mitoloyo ndi imene osoka makumi awiri ndi awiri a chipinda chinacho amadikira kuti makina awo alire.

Amuna a Mayi Sizasi anali kondakitala wa basi ya maulendo ataliatali, ndipo mpaka lero anthu amangoti a Kondakitala. Anakumana m'basi momwemo. Bamboyo anaona mtsikana ataima ndi mpukutu wa nsalu, n'kudzutsa mnzake wa dalaivala amene anakhala kutsogolo mwaulere, kuti mtsikanayo akhale. Iwo amati chinali chifundo. Mayi Sizasi amati chifundo chake chinali cha mtundu wachilendo, poti m'basimo munalinso agogo awiri oimirira. Ana awo atatu anakula n'kupita kutali kukagwira ntchito, nyumba inatsala ya anthu awiri ndi wailesi.

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawagwetsa a Kondakitala m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, n'kuwatengera mkono ndi mwendo wa kumanzere. Pakamwa inapasiya, ndipo Mayi Sizasi ankauza aliyense wobwera kudzazonda matenda kuti matendawo nawo anaopa kulimbana ndi pakamwa pamenepo. Ankaseka choncho pa anthu, koma kubafa ankalira atatsegula mpopi kuti bambo asamve.

Dokotala wa mafizo olimbitsa ziwalo kuchipatala ananena mosabisa. Mwendowu ukhoza kubwerera, anatero, koma bambowa azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, eyiti koloko m'mawa, osadumphitsa, chifukwa miyezi yoyambirirayi ndi imene thupi limamva msanga. Okha sakanatha kupita. Ankayenda ndodo kudzanja lamanja, phewa la akazi awo kumanzere, ndipo kukwera minibasi inali nkhondo ya anthu awiri. Mayi Sizasi anayamba kudya masiku awo a tchuthi, theka lero, theka Lachisanu. Pofika mwezi wachitatu anatsala ndi masiku awiri okha. Akatha amenewo panali njira ziwiri, ndipo zonse zinali zowawa: bambo asiye mafizo, kapena mayi asiye ntchito imene inkawadyetsa onse awiri.

Nzeru imene anaipeza inali yolemba ganyu mayi wina woyandikana nawo nyumba kuti aziperekeza bambo. Mayiyo anavomera, koma malipiro a Mayi Sizasi anali othinana kale ngati mapateni awo pansalu, malo a munthu wina munalibe. Choncho Lachinayi lina anachotsa choko kukhutu, n'kukwera masitepe opita ku ofesi ya manijala kukapempha kuti awakwezere.

Manijalayu osoka anamupatsa dzina loti a Bajeti. Ukamuuza kuti babu lapsa, amati tiona bajeti. Ukamupatsa moni, amayankha mosamala ngati moniyo alowa m'mabuku. Koma si munthu woipa, ndipo tsiku limenelo anamvetsera mpaka kumapeto, manja atagwira chibwano.

"Mayi, nkhani yanu yandikhudza," anatero a Bajeti. "Koma mukudziwa mmene timagwirira. Mitengo ya mayunifolomu tinagwirizana ndi masukulu chaka chisanayambe, sitingaisinthe pakati. Za malipiro eni kampani anatseka kale mpaka chaka chamawa. Ine ndilibe mphamvu yoonjezera ngakhale pang'ono. Komanso ndikakwezera inu, mawa pamasitepe apa padzadza."

"Ndiye zaka zonsezi, bwana?"

"Zaka zanu ndikuzilemekeza. Chimene ndingathe," anatero akuwala kumaso ngati watola chinthu, "ndikupatsani udindo. Kuyambira lero mukhale Mkulu wa Odula. Komanso zidutswa za nsalu zotsala zija muzitenga."

"Mkulu wa ndani, bwana? Wodula pano ndilipo ndekha. Ndizidzilamula ndekha, ndikachedwa ndizidzikalipira?"

A Bajeti anaseka, iwonso anaseka, koma anatsika masitepewo atakhumudwa. Tsiku lonse anadula osalankhula, moti osoka anayamba kunong'onezana kuti kunyumba kwa Mayi Sizasi zinthu zavuta.

Loweruka masana anali pakhonde, akuwongola zala za bambo chimodzichimodzi monga dokotala anawaphunzitsira. Apa m'pamene anafotokoza zonse, mpaka za udindo wolamula mphepo uja. A Kondakitala anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mayi, munakapempha chiyani?"

"Ndalama, nanga chiyani?"

"Basi?"

"Kuntchito munthu amapempha chiyaninso? Mpando wa bwana?"

"Tandipatsani madziwo kaye," anatero bambo, ndipo atamwa anakhala bwino, monga amachitira akafuna kuyamba za pamsewu. "Ine zaka makumi awiri ndadula matikiti. Mtengo ankaika a kampani. Munthu akandichonderera kuti nditsitse, ndinkakana, osati chifukwa cha nkhanza, koma woyendera akakwera panjira n'kupeza tikiti yoperewera, ntchito yanga yatha. Amenewo ankatsika akunditukwana. Koma panali ena ochenjera. Amalipira mtengo wonse osadandaula, kenako amvekere, akondakitala, ndili ndi mwana wosanza, tipatseni pawindo. Katundu wangayu asakwere pamwamba, kukubwera mvula. Munditsitse pageti la chipatala, osati pasiteji. Zimenezo ndinkapereka tsiku lililonse ndikumwetulira, chifukwa zinali m'manja mwanga ndipo sizinkandidyera kanthu."

Mayi Sizasi anasiya chala chija. "Ndiye mukuti ndikapemphe pawindo?"

"Ndikuti ndalamazo mumafuna mugule chiyani?"

"Munthu wokuperekezani."

"Ayi. Mumafuna mugule Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Nanga amene amasunga maola a pafakitale ndi ndani? Eni kampani kapena a Bajeti anuwo? Ndiponso, kunena zoona, mayi woyandikana nafeyo amayenda ngati akuthamangitsa mbava. Angandigwetse m'ngalande."

Mayiwo anaponya maso pachingwe choyanikira zovala. M'mutu mwawo munali mutayamba kuyalika zinthu. Osoka safuna wodula m'mawa, amafuna mitolo m'mawa. Zimene amasoka lero zimakhala zodulidwa dzulo. Zaka zonsezi ankafika hafu seveni chifukwa belu limalira hafu seveni, osati chifukwa nsalu imadziwa nthawi. Anadzimenya pantchafu mpaka bambo anadzidzimuka.

"Musapite ndi chinthu chimodzi," anaonjeza a Kondakitala. "Tengani zinayi. Bwana amafuna akane kenakake kuti adzimve kuti ndi bwana."

"Inu mukanakhala ndi nzeru zimenezi kale, bwenzi tili ndi basi yathu."

"Nzeru zinalipo, mayi. Mumandidula pakamwa."

Lolemba Mayi Sizasi anakweranso masitepe, ulendo uno choko chili kukhutu, m'manja muli chidutswa cha katoni ya pateni chimene analembapo kuseri. A Bajeti atangowaona anayamba kukonza kukhosi.

"Mayi, monga ndinanenera, baje..."

"Isiyeni igone, bwana, sindinabwerere imeneyo. Ndamva kuti singasunthe ndipo ndakhulupirira. Ndabwera kudzafunsa zimene zili m'manja mwanu."

Bwanayo anatsamira kumbuyo. Munthu wobwera mu ofesi yake osafuna ndalama anali asanamuonepo, ndiye sanadziwe koika nkhope.

Choyamba anatchula chachikulu chija. Lachiwiri ndi Lachisanu azifika hafu teni m'malo mwa hafu seveni, n'kuweruka hafu sikisi. Ola limene lingaperewere pamlungu azilibweza podula nthawi yopuma masana. Mitolo ya masiku awiriwo azimanga dzulo lake, osoka aziipeza pashelefu belu lisanalire.

"Nanga makina akaima chifukwa kulibe chosoka?"

"Tiyese milungu iwiri. Makina ngakhale amodzi akaima chifukwa cha ine, ndibwerera ku hafu seveni popanda kukangana."

"Nanga wotseka madzulo?"

"Mlonda amafika faifi. Ndalankhula naye kale, akuti bola, azikhala ndi wocheza naye."

Chachiwiri anapempha masiku asanu oonjezera a tchuthi, poti awo anathera kuchipatala. A Bajeti anati asanu achuluka, awiri. Mayi anati anayi. Anakumana pa atatu, bola asawatenge mwezi umene sukulu zikutsegulira, ntchito ikakhala pakhosi. Chachitatu anapempha kuti vani yopereka mayunifolomu, poti imadutsa kufupi ndi chipatala, iziwatenga iwo ndi bambo.

"Chimenecho ayi," anatero bwana msangamsanga. "Inshulansi ya vani ija ndi ya katundu ndi antchito basi. Itachita ngozi muli bambo, ine ndi inu tonse tili m'madzi."

Mayi Sizasi anagwedeza mutu mwaulemu. Chifukwa chake chinali chomveka, ndipo anaona mmene mapewa a bwana anakwerera atakana, ndiye anaponya chachinayi pomwepo. Eni kampani akamadzakonza bajeti ya chaka chamawa, nkhani ya malipiro awo ikakhale pathebulo, ndipo maola awa asadzawerengedwe ngati kuti awakwezera kale.

"Sindingalonjeze kuti adzavomera."

"Sindinati mulonjeze. Ndati mukaitule."

"Kuitula ndikaitula. Nanga udindo uja?"

"Usungeni, bwana. Mukadzalemba wodula wachiwiri mudzandipatse, ndidzakhale ndi womulamula."

Milungu iwiri yoyesera sinayende myaa ayi. Lachiwiri loyamba lenilenilo, Mayi Sizasi anafika hafu teni n'kupeza mzere wonse wa osoka masiketi uli manja lende, ena akumwa tiyi, a Bajeti ataima pakhomo akuyang'ana wotchi mokuti aliyense aone. Mayi anapita kushelefu, mitolo ya malaya ndi makabudula inalipo yokwanira. Kenako anaona pepala la oda pathebulo lawo, masiketi a sukulu ina ofunika mwachangu. Analitembenuza, n'kuwerenga nthawi imene linalembedwa.

"Bwana, oda iyi inabwera liti?"

"Dzulo."

"Dzulo nthawi yanji?"

A Bajeti anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana kudenga. Inabwera faifi koloko, mayi ataweruka kale, ndipo iwo anauza osoka kuti asiye makabudula adikire masiketi. Osoka anayamba kuseka chamumtima, wina n'kulephera kudzigwira.

"Ine ndimadula nsalu, bwana, sindilota maoda," anatero Mayi Sizasi akumanga epuloni. "Tipangane chonchi. Chilichonse chofunika Lachiwiri kapena Lachisanu m'mawa chizifika pathebulo pano dzulo lake isanakwane thwelofu. Chikachedwa, chidikire hafu teni, osoka apitirize zimene zili pashelefu."

Kuyambira pamenepo makina sanaimenso. Panatulukanso phindu limene palibe analiganizira. Madzulo fakitale ikakhala zii, popanda wobwera kudzafunsa kolala yotayika kapena kudzabwereka tepi, Mayi Sizasi ankasanja mapateni mtima uli m'malo, ndipo mpukutu umodzi unayamba kutulutsa malaya awiri kapena atatu oonjezera. Sanabise. Anakawaunjika padesiki la bwana kuti awaone ndi maso.

Milungu iwiri itakwana, a Bajeti anawaitana n'kunena kuti zipitirire. Mayi anathokoza, koma pampando sanadzuke.

"Palinso china, mayi?"

"Kalata, bwana. Zonse tagwirizanazi zilembedwe, musaine, ine ndisaine, ina ilowe mufailo, ina ndipite nayo."

"Mawu anga sakukwana?"

"Mawu anu ndi abwino. Koma pampando mwakhalapo ndaonapo mamanijala anayi. Onse anali ndi mawu abwino, ndipo pochoka ananyamula mawu awo."

Bwanayo anaseka mpaka kuvula magalasi. Kalata inalembedwa tsiku lomwelo, maola, masiku atatu, nthawi ya maoda, ndi mwezi wodzaunikanso malipiro. Mayi Sizasi anaiwerenga kawiri, chala chikuyenda pamzere uliwonse, n'kupeza kuti Lachisanu laiwalika. Inalembedwanso. Madzulo a Kondakitala anaiwerenga mokweza pakhonde ndi mawu awo oitanira okwera, n'kulengeza kuti monga mlangizi akuyenera kulandira gawo lawo. Anapatsidwa tiyi wa shuga wochepa, monga mwa lamulo la dokotala.

Pamasitepe panadzazadi monga bwana ankaopera, koma osati ndi ofuna ndalama. Wosoka makolala anapempha kuti makina ake asunthidwire pawindo poti maso ayamba kuvuta. Wina anapempha kuphunzira makina oboola mabatani. Ena anakanizidwa, ena analandira, ndipo a Bajeti anayamba kuyenda m'fakitalemo ngati munthu wopatsa.

Miyezi inapita, Lachiwiri ndi Lachisanu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Makondakitala a minibasi anawazolowera, ankawasungira mpando wa pakhomo, bambo n'kumawadzudzula kaitanidwe. Kuchipinda cha mafizo Mayi Sizasi anali ndi benchi yawo pafupi ndi khoma, pamene ankakhala atanyamula jekete ndi botolo la madzi, akuonerera amuna awo akulimbana ndi zitsulo ziwiri zogwirira poyenda. Masiku ena mwendo unkamvera. Masiku ena unkangokhwekhwereza, bambo n'kukhala chete ulendo wonse wobwerera, ndipo kukhala chete kwa munthu ameneyu kunkawaopsa mayi kuposa matenda.

Lachisanu lina m'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa mafizo, a Kondakitala anafika kumapeto kwa zitsulo zija n'kuima. Dokotala anawatambasulira ndodo monga mwa masiku onse. Iwo anaiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mayi," anaitana, "takhalani pomwepo. Musadzuke."

Anasiya chitsulo. Dzanja lamanja linagwira m'malere, thupi n'kupendama, dokotala n'kusendera pafupi manja ali tcheru kumbuyo kwawo. Mwendo wamanja unapita. Wamanzere unakanirira, unanjenjemera, kenako unadzuka pansi n'kutera kutsogolo. Mayi Sizasi anafinya jekete lija pachifuwa. Anawerenga chamumtima monga amawerengera nsalu poyala. Atatu. Anayi. Chipinda chonse chinasiya zimene chinkachita, ngakhale agogo amene ankapalasa njinga yosayenda pakona paja anaima. Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri bambo anafika pabenchi, n'kugwira phewa la akazi awo, thukuta lili kamukamu.

"Tafika," anatero akupuma mwabefu. "Otsika atsike."

Anthu anaomba m'manja, wina analuluta. Mayi Sizasi analira poyera, osabisa, akuseka nthawi yomweyo, akupukuta nkhope ya bambo ndi mkono wa jekete. Chimwemwe chake chinali choti sichikanakwana m'chifuwa chimodzi. Ali m'minibasi pobwerera m'pamene ganizo linawafikira, loti bwana akanavomera ndalama tsiku loyamba lija, pabenchipo pakanakhala mayi woyandikana nawo nyumba uja, ndipo iwo nkhaniyi akanaimva madzulo, yofotokozedwa ndi munthu wina.

Anawasiya bambo pakhonde ndi wailesi yawo, n'kuthamangira kuntchito. Analowa pageti hafu teni itapitirira ndi mphindi khumi, maso ali ofiira, n'kukumana ndi a Bajeti pakhomo la chipinda cha osoka.

"Mayi, mwachedwa. Kwagwanji?"

"Ayenda, bwana. Okha. Masitepe asanu ndi awiri, ine ndikuona."

A Bajeti anatembenukira kwa osoka, n'kukweza mawu kuposa makina onse makumi awiri ndi awiri.

"Tazimitsani kaye! Mayi, bwerani pakati apa, mufotokoze kuyambira poyamba."